Agogo ankaopa kuti akawakolowola diso

Agogo ena a kufupi ndi ku Nkhoma, m'boma la Lilongwe, anayamba kuona zinthu ngati zili m'chifunga. Anasiya kusankha mpunga, kenako ngakhale kutchalitchi ankapita mdzukulu atawagwira dzanja. Kuchipatala anawauza kuti ndi ng'ala ndipo ikufunika opaleshoni, koma iwo anakanitsitsa. Anali atamva kuti madokotala amakolowola diso, n'kuliika m'mbale, ena amati amabwezeramo la mbuzi.

Amene anawamasula mtima ndi mayi wina wachikulire woyandikana nawo nyumba, yemwe anachotsedwapo ng'ala pa chipatala cha maso cha Nkhoma.

"Anzanga, tandiyang'anitsitsani. Diso ili si langa lomwe lija? Silinachoke m'malo mwake ayi," anatero mayiyo.

Iwo ankanena zoona. Kuseri kwa kamwanadiso kuli kagalasi kachibadwa koyera mbee, komwe kuwala kumadutsamo. Munthu akamakalamba kagalasika kamachita mbuu, ndipo imeneyo ndiyo ng'ala. Matenda a shuga amaifulumizitsa. Palibe mankhwala odonthezera amene amaisungunula, ndipo zitsamba zofinyira m'maso zimatha kuwononga diso.

Mayiyo anafotokoza zonse mwatsatanetsatane. Poyamba amakuyezani shuga ndi kuthamanga kwa magazi, n'kuyezanso diso kuti adziwe kagalasi kokuyenerani. Sakugonetsani tulo. Amabaya jakisoni pambali pa diso kuti lichite dzanzi, ndipo kuwawa n'komweko basi. Dokotala amacheka pang'ono m'mphepete mwa diso, kutulutsa kagalasi koonongekako, n'kulowetsamo kapulasitiki komwe kamakhala momwemo moyo wonse. Nthawi zambiri ntchitoyi siposa theka la ola, ndipo amachita diso limodzi kaye.

"Nanga ndikadzatsokomola ali mkati?" anafunsa agogowo.

"Mumangowauza, amayamba aima. Mumakhalatu muli maso, mukumva zonse."

Agogowo anapita. Anagona diso lili lomatidwa, ndipo m'mawa mwake namwino atamatula, anaona mizera ya nsalu imene anavala. Diso linali lofiirirabe ndi kunyerenyesa ngati mwalowa kamchenga, zomwe sizachilendo masiku oyamba. Anawapatsa mankhwala odonthezera kwa masabata angapo, n'kuwalangiza kuti asalitikite, apewe fumbi ndi madzi akuda, komanso asakhale kukhitchini kofuka utsi.

N'zomvetsa chisoni kuti mantha a mphekesera amasunga anthu mumdima, chikhalirecho ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri padziko lonse ndipo imachotseka. Komabe opaleshoniyi ili ndi malire: ngati shuga kapena matenda a gulokoma anawononga kale mkati mwa diso, munthu saona bwinobwino ngakhale ng'alayo itachoka. N'chifukwa chake amayamba ayeza.

Amene mwachitidwa opaleshoni, mukamva ululu ukukulirakulira, diso likatuluka mafinya kapena kuona kukayambanso kuchepa, musadikire tsiku limene anakulemberani. Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.