Chileka yake iti? Mmene kompyuta amaiphunzitsira mayina a malo

Tiyerekeze kuti bungwe lina lokumba mijigo lili ndi mafomu 5,000 ochokera m'maboma onse 28 a dziko lino, ndipo likufuna mjigo uliwonse uoneke ngati kadontho pa mapu. Mafomuwa alibe manambala a GPS. Alembi anangolemba mmene tonsefe timalondolerana: "Chileka, kuseri kwa msika", "kwa Kachere", "Mlanje boma". Dalaivala wodziwa misewu akhoza kukafika pamalo ambiri mwa amenewa, ndipo akasokonezeka amatsitsa galasi n'kufunsa amayi ogulitsa tomato. Kompyuta ilibe woti imufunse. Imadalira kaundula wa mayina a malo, amene odziwa za mapu amamutcha gazetiya, ndipo kaundulayo akakonzedwa mwachibwana, mijigo ya ku Lilongwe imakapezeka ku Blantyre.

Chinthu choyamba pokonza gazetiya ndi kulekanitsa malo ndi dzina lake. Malo amapatsidwa nambala yosasintha, pamodzi ndi latichudi ndi longichudi yake, mtundu wake (kaya ndi mudzi, tauni, mtsinje, phiri kapena boma), komanso dera lalikulu limene malowo alimo. Mayina amasungidwa pandandanda wina, dzina lililonse likuloza ku nambala ija. Malo amodzi akhoza kukhala ndi mayina asanu, ndipo dzina limodzi likhoza kuloza ku manambala atatu. GeoNames, gazetiya ya dziko lonse imene aliyense angaitenge kwaulere, imayenda motero: malo ali ndi `geonameid`, ndipo mayina ena ali ndi zizindikiro zosonyeza ngati dzinalo ndi lakale kapena longotchulidwa pakamwa. Pa OpenStreetMap pali `name`, `alt_name` ndi `old_name`. Ndandanda wathu wa mayina ungaoneke chonchi:

```
nambala,dzina,mtundu
101,Thyolo,lovomerezeka
101,Cholo,lakale
102,Mangochi,lovomerezeka
102,Fort Johnston,lakale
103,Lilongwe,lovomerezeka
103,LL,chidule
```

Mayina akale sitiwafufuta, chifukwa makalata a malo, mabuku a mishoni ndi ziphaso zakale zikadali nawo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, m'zaka zotsatira Port Herald inakhala Nsanje, Fort Manning inakhala Mchinji, Fort Hill inakhala Chitipa, Fort Johnston inakhala Mangochi. Palibe masamu amene angatulukire kuti Fort Johnston ndi Mangochi. Munthu ayenera kukhala pansi n'kulemba yekha. Koma pali gulu lina la kusiyana limene lili ndi dongosolo, ndipo ndi limene limadzaza mafomu. Atsamunda ankalemba Mlanje, Ncheu, Kota Kota, Nkata Bay, Rumpi. Ifenso lero wina alemba Chiradzulu wina Chiladzulu, wina Chikwawa wina Chikhwawa. Kusiyanaku kumabwerera pa zinthu zochepa: r ndi l, h wotsatira p, t kapena k, tch ndi ch, m ndi mu koyambirira kwa dzina, ndi mpata pakati pa mawu.

Choncho dzina lililonse timalipangira kiyi wofufuzira. Timasandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono, timachotsa mipata, r aliyense akhala l, ph akhala p, th akhala t, kh akhala k, tch akhala ch, ŵ akhala w. Rumphi ndi Rumpi onse atuluka `lumpi`. Ntcheu ndi Ncheu atuluka `ncheu`. Nkhotakota atuluka `nkotakota` pomwe Kota Kota atuluka `kotakota`, kusiyana chilembo chimodzi chokha. Kiyi ameneyu ndi wofufuzira basi, pa mapu timasindikizabe dzina lenileni. Timachotsanso ku, pa ndi kwa, koma pokhapokha ataima paokha, apo ayi Kuntaja asanduka "ntaja". Ndipo kwa tisanamutaye timayamba tamumvera, pakuti munthu akalemba "kwa Kachere" nthawi zambiri akunena dera la mfumu, osati tauni.

Ena amathamangira njira yotchedwa Soundex, poti imabwera kale m'mapulogalamu ambiri osungira nkhokwe. Njirayi inapangidwira mayina a anthu a Chingerezi, ndipo kuno imakhumudwitsa. Imasunga chilembo choyamba, ndiye Cholo apatsidwa `C400` pomwe Thyolo apatsidwa `T400`. Imasiyanitsanso r ndi l, kotero Chiradzulu ndi `C632` koma Chiladzulu ndi `C432`. Zimene ife timamva ngati dzina limodzi, iyo imaona awiri.

Zotsala, monga zolakwika potayipa, timazigwira ndi muyeso wa Levenshtein, wotchedwa dzina la katswiri wa masamu wa ku Russia amene anaufalitsa mu 1965. Muyesowu umawerenga kuti pakufunika kusintha, kuchotsa kapena kuwonjezera zilembo zingati kuti liwu lina lisanduke linzake. Ncheu ndi Ntcheu ndi 1. Cholo ndi Thyolo ndi 2. Ndiye munthu anganene kuti tilole chilichonse chosapitirira 2. Taonani tsono Mlanje ndi Nsanje: sinthani M akhale N, l akhale s, mwafika, nayonso ndi 2. Chilinde wa ku Lilongwe ndi Chilinda wa pa Nyika amasiyana chilembo chimodzi chokha. Mayina athu ambiri amayamba ndi chi, ma, nsa kapena ka, ndipo ndi aafupi, choncho kufanana kwa zilembo si umboni. Muyesowu ntchito yake ndi kusonkhanitsa malo amene angakhale oyenera. Kusankha ndi ntchito ina, ndipo ndi pamene pagona vuto lenileni.

Titenge fomu imodzi. Palembedwa kuti: "Chireka T/C, njira ya ku Mchinji, pafupi ndi Namitete, LL". Tayamba ndi kuiduladula. T/C ndi chidule cha malo a malonda, choncho tikufuna kamsika ka m'mbali mwa msewu, osati bwalo la ndege kapena mtsinje. LL ali m'ndandanda wathu ngati Lilongwe. Chireka atulutsa kiyi `chileka`, ndipo gazetiya ibweza malo awiri: Chileka wa ku Blantyre, kumene kuli bwalo la ndege, ndi Chileka wa m'boma la Lilongwe pa msewu wopita ku Mchinji. Pakati pa awiriwa pali ulendo wa makilomita oposa 300. Pulogalamu yaulesi imasankha malo otchuka kapena okhala ndi anthu ambiri, ndipo ikanatengera mjigowu ku Blantyre.

Pulogalamu yabwino imapereka malikisi. Tinene kuti dzina likagwirizana ndi kiyi tipereka 40, boma likagwirizana 30, malo ena otchulidwa pafomu akakhala pafupi 20, mtundu wa malo ukagwirizana 10. Manambalawa ndi achitsanzo, aliyense amawakonza poyesa pa mafomu amene mayankho ake akuwadziwa kale. Chileka wa ku Blantyre apeza 40 pa dzina, mwina ndi 10 pa mtundu poti nakonso kuli msika, zonse 50. Wa ku Lilongwe apeza 40, 30 pa boma, 20 chifukwa Namitete ali pomwepo, ndi 10, zonse 100. Chimene timayang'ana kwambiri si 100 uja ayi, koma mpata wa 50 umene uli pakati pa woyamba ndi wachiwiri. Mpata ukakula chonchi kadontho kaikidwe popanda nkhawa.

Nanga dzina la Mchinji pafomu ija? Limasocheretsa mapulogalamu ambiri, chifukwa ndi dzina la boma ndipo laonekera Lilongwe asanatchulidwe. Mawu akuti "njira ya ku" ndi amene akutiuza kuti Mchinji ndi kumene msewu ukulowera, si kumene mjigo uli. Mawu otere, pamodzi ndi "kuseri kwa", "moyang'anana ndi" ndi "musanafike", ayenera kukhala ndi ndandanda wawo.

Fomu yotsatira yangoti "Chileka". Onse awiri apeza 40, mpata palibe. Apa yankho loona ndi lakuti sizikudziwika, ndipo fomuyo ipite pa mulu woti munthu aone. Mwina dzina la wolemba fomu kapena mafomu oyandikana nayo m'bokosi asonyeza boma. Ine ndimaona kuti ubwino wa pulogalamu yotere umaonekera pa mulu umenewu. Bwana amasangalala akamva kuti mafomu onse 5,000 alowa pa mapu, koma pulogalamu yosakana kanthu imakhala yabisa zolakwa zake pakati pa madontho abwino, pomwe palibe adzazione mpaka galimoto ya okonza mijigo itapita kolakwika. Munthu uja akagamula, kalembedwe katsopano kamene wakapeza kalowe m'ndandanda wa mayina, kuti mawa pulogalamu isadzafunsenso.

Chileka ndi wosavuta poti ndi awiri odziwika. Kachere ali ku Blantyre, ali ku Nkhata Bay, ndipo ku Dedza ndi dera la mfumu yaikulu. Mwanza ndi boma, ndi tauni, ndi mtsinje, ndi mfumu ya ku Salima, komanso ndi mzinda waukulu ku Tanzania umene mapulogalamu a dziko lonse amathamangira mukaiwala kuwauza dziko. "Area 10" aliyense amaganiza Lilongwe, koma ku Machinjiri nakonso amawerenga madera awo ndi manambala. Kumidzi ndiye nkhani imakula, pakuti mudzi umatchedwa dzina la nyakwawa, ndipo mudzi ukagawikana pamabadwa dzina latsopano pamalo omwewo. N'chifukwa chake pa mudzi uliwonse gazetiya isunge makwerero onse: mudzi, gulupu, mfumu yaikulu, boma. Dzina la mudzi palokha silikwanira, koma likaphatikizana ndi la mfumu yaikulu kawirikawiri limatsala limodzi.

Makwererowo nawonso amasuntha. Balaka inachoka ku Machinga mu 1998, ndipo Neno inachoka ku Mwanza mu 2003. Fomu ya mu 1995 yonena kuti "Lisungwi, Mwanza" sinalakwe, ngakhale lero Lisungwi ali ku Neno. Ngati gazetiya sisunga zaka zimene malo anali pansi pa boma lakuti, pulogalamu imalanda fomu yolondola malikisi 30 aja.

Ntchito ikatha, zolakwa zimaoneka ndi maso mukatsegula mapu. Mukaona madontho 200 ataunjikana pamalo amodzi pakati pa thengo, dziwani kuti pulogalamu inalephera kupeza midzi n'kungoponya onse pakatikati pa boma. Akaunjikana pa positi ofesi, ndiye kuti inawerenga keyala ya bokosi la makalata ngati malo okhala, chonsecho sukulu imene imalandira makalata pa boma ikhoza kukhala makilomita 40 kuchokera pamenepo. Akapezeka ku Sudan, wina waiwala kachizindikiro kochotsera pa latichudi, poti Malawi ali kumwera kwa ikweta, pakati pa -9 ndi -17 kapena kupitirira pang'ono. Mankhwala a mavuto awiri oyambawo ndi kulemba pambali pa kadontho kalikonse kuti kafika pati: pa mjigo penipeni, pa mudzi, pa dera la mfumu, kapena pa boma chabe. Kenako tengani mafomu 100 mwachisawawa pakati pa amene pulogalamu yati yatsimikiza, muwapereke kwa alangizi a zaumoyo kapena alembi a mafumu a m'maderawo awaone limodzi ndi mapu. Akapeza asanu olakwika, yembekezani kuti pa mafomu 5,000 pali olakwika pafupifupi 250, ndipo mpata wa malikisi uja uyenera kukwezedwa ntchito isanabwerezedwe.