Mlangizi wa ngongole akamachoka, uthenga wotsanzika unene chiyani?

Mlangizi wa ngongole za magulu akasamutsidwa kapena kusiya ntchito, nkhawa ya amayi a m'gulu imagona pa ndalama: kodi zomwe tabweza kale zinalembedwa, nanga zotsalazi tizipereka kwa yani? Uthenga wa tsiku lomaliza ukadzaza ndi zothokoza zokhazokha, mafunsowa amatsala osayankhidwa.

Tiyerekeze gulu la amayi khumi ogulitsa usipa ndi tomato pa msika wa Lunzu, omwe amabweza ngongole Lachinayi lililonse. Mlangizi wawo atha kuwalembera apampando motere:

"Amayi, lero ndi tsiku langa lomaliza pa ntchito. Kuyambira Lolemba muzithandizidwa ndi a mlangizi aja tinabwera nawo ku msonkhano wanu sabata yatha. Ngongole ya gulu yatsala K320,000, monga tinawerengera limodzi m'buku lanu. Tsiku lobweza silinasinthe, akaunti yolipirako ndi yomwe ija. Musanditumizirenso ndalama pa foni yanga. Pempho lanu la ngongole yachiwiri lili ku ofesi, a mlangizi atsopanowa akulidziwa. Zikomo pondilandira bwino."

Mawu olemera kwambiri pamenepa ndi akuti "tinabwera nawo". Masiku ano anthu ambiri amene ali ndi Airtel Money kapena Mpamba analandirapo uthenga wa akuba wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Choncho uthenga wobweretsa dzina lachilendo ndi nambala yachilendo nthawi imodzi umaoneka ngati wa akuba omwewo, ndipo apampando anzeru saukhulupirira, sakulakwanso. N'chifukwa chake wotsanzika ayenera kuyamba wapita ndi mnzakeyo ku gulu, amayi amuone nkhope, buku la gulu ndi la ofesi aziyerekeze pamaso pa onse. Kusiyana kwa K5,000 kukapezeka mlangizi wakale atapita kale, kumagwera watsopanoyo, amayi n'kuyamba kumukayikira asanagwire n'komwe ntchito.

Malonjezo a pakamwa ndi msampha wina. Ngati mayi wina analoledwa kuchedwako sabata imodzi chifukwa cha maliro, zimenezo zilembedwe kwa wolowa m'malo, koma osati pa WhatsApp ya gulu lonse, poti ndi nkhani ya mwini wake. Chifukwa chochokera ntchito sichifunika kufotokozedwa, makamaka ngati panali kusagwirizana ndi mabwana, popeza kasitomala akamva kuti kampani ili pa mavuto amayamba kuzengereza kubweza.

Zikalakwika zimaonekera Lachinayi loyamba: ndalama zimabwera zoperewera, ndipo foni ya wochokayo imangolirabe. Iye ayankhe mwaulemu koma asaweruze nkhaniyo, angopereka nambala ya ofesi. Akapitiriza kuthetsa mavuto a gulu ali kunja, amayi saona chifukwa choimbira mlangizi watsopano.