Mulu wa mawu a anthu: wofufuza amautonola bwanji?

Tiyerekeze kuti wophunzira za maganizo ndi khalidwe la munthu wacheza ndi amayi 12 amene akudwazika makolo odwala sitiroko pakhomo, ndipo aliyense wamujambula mawu kwa ola limodzi. Kulemba papepala zonse zimene zanenedwa m'ola limodzilo kumadya maola angapo, mwina tsiku lathunthu. Pomaliza pamakhala mulu wa masamba. Muluwo uli ngati chimanga chimene changofika kuchokera kumunda, chosatonola. Ufa ukadali kutali.

Njira yotonolera imene ambiri amatsata anailongosola m'chaka cha 2006 ndi Virginia Braun wa ku yunivesite ya Auckland ku New Zealand ndi Victoria Clarke wa ku yunivesite ina mumzinda wa Bristol ku England. Anaika masitepe 6, ndipo yoyamba ndi imene anthu amakonda kuidumpha: kuwerenga zolembedwazo mobwerezabwereza, ndi kumvetseranso mawu ojambulidwa, mpaka uziwadziwa amayiwo ndi kayankhulidwe kawo.

Kenako kumabwera kupereka makhodi. Khodi ndi kadzina kakafupi kamene wofufuza amalemba m'mbali mwa chiganizo, konena zimene zili m'menemo. Tinene kuti mayi wina wati: "Usiku ndimadzuka katatu kukawatembenuza, koma abale akabwera ndimati zonse zili bwino. Ndingadandaule bwanji za mayi amene anandibereka?" Wofulumira angolemba kuti "kusagona" n'kupitirira. Wodekha aona zitatu: kusagona, kubisira abale kutopa, ndi kudzimva kuti uli ndi ngongole kwa kholo. Khodi yoyamba ili poyera. Yachitatuyo mayiyo sanaitchule, yabisala m'funso lakelo. Ena ntchitoyi amaichita pa pulogalamu ya pakompyuta monga NVivo, ena ndi zolembera zamitundumitundu ndi sizasi. Pulogalamu imangosunga ndi kusanja. Kuganiza kumatsalira munthu.

Makhodi akachuluka amaikidwa m'magulu kuti pakhale mfundo zikuluzikulu, ndipo ambiri amaterereka pamenepa. Wophunzira wathu akhoza kuika kusagona, kusowa kwa ndalama ndi kupweteka kwa msana m'gulu limodzi n'kulitcha "Mavuto a odwazika". Limenelo ndi dengu chabe. Zili m'menemo zakumana chifukwa zonse zinali mayankho a funso limodzi, koma sizikunena kanthu limodzi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: ngati mayina a mfundo zanu akufanana ndi mafunso amene munafunsa, ndiye kuti simunasanthule, mwangosanja mayankho.

Mfundo yeniyeni imakhala ndi msana, ganizo limodzi logwira zonse. Wophunzirayo akatenga khodi ya kubisira abale, ya ngongole kwa kholo, ina ya kulirira kubafa kumene palibe wokuona, ndi ina ya kuopa kunenedwa kuti wataya mayi ako, apeza chinthu chimene angachitche "Kutopa kosaloledwa kunenedwa". Dzinali likunena kanthu, ndipo munthu akhoza kulitsutsa. Braun ndi Clarke amakana kwambiri mawu oti mfundo "zinatuluka zokha" m'zimene anthu ananena, ngati bowa mvula ikagwa. Amaziumba ndi wofufuza, choncho ayenera kunena poyera kuti iye ndi ndani. Amene anadwazikapo kholo amamva zina zimene mnzake sangamve, komanso akhoza kumva zake zomwe m'mawu a ena.

Mfundo ikaumbidwa imayesedwa kawiri: poyamba ndi ziganizo zonse zimene zili pansi pake, kenako ndi zolembedwa zonse 12 kuyambira tsamba loyamba. Tinene kuti mayi mmodzi sakubisa chilichonse, akudandaula pamaso pa aliyense. Chiyeso chimakhala choti umusiye pambali. Koma ukayang'anitsitsa upeza kuti iye akudwazika apongozi, si mayi womubereka. Mfundo ija sinagwe, yangopeza malire ake: kukhala chete kumamanga kwambiri mwana wobadwa. Pa siteji iyi mfundo zina zimaphatikizidwa, zina zimagawidwa, zina zimatayidwa ngakhale unazikonda. Kuchuluka kwa amene ananena chinthu si kumene kumachipanga mfundo. Chofunika n'choti chikuyankha funso la kafukufuku. Zotsala zimapatsidwa mayina ndi tanthauzo la ziganizo zochepa, kenako lipoti, mmene mawu a amayiwo amagwidwa ngati umboni.

Kwathu kuno kuli msampha wina. Macheza amachitika m'Chichewa, lipoti m'Chingerezi, ndipo ena amamasulira zonse asanapereke makhodi. Mayi akati "ndimaganiza kwambiri" kapena "mtima suli m'malo", womasulira amasankha liwu limodzi lachipatala, ndipo zina zonse zimatayika khodi isanalembedwe. Inu amene mukulemba kafukufuku wotere, perekani makhodi m'chiyankhulo chimene munthu anayankhula, kumasulira kubwere kumapeto.