Wamanzere asavutike: mabatani a gemu amasamutsidwa

Pa anthu 10 alionse, pafupifupi mmodzi ndi wamanzere, koma magemu owomberana a pakompyuta amabwera atakonzeredwa 9 enawo. Mausi imakhala kumanja, ndipo dzanja lamanzere limayendetsa msilikali ndi mabatani a W, A, S ndi D. Kasanjidweka kanatchuka ndi Dennis Fong, yemwe mu 1997 anapambana mpikisano wa Quake n'kupata galimoto ya Ferrari, ndipo Half-Life ya mu 1998 inakakhazikitsa.

Wamanzere akagwira mausi ndi dzanja lake lamphamvu, lamanja limatsala likusakasaka mabatani amene sanaliikire. Mu Valorant, gemu ya Riot Games ya mu 2020, vutoli limakula chifukwa mphamvu zapadera za msilikali zili pa C, Q, E ndi X, zonse kumanzere kwa kiyibodi.

Ena amathawira ku mabatani a mivi, koma kumeneko n'kuchipululu: zala zilibe mabatani ena pafupi. Manambala a kumapeto kwa kiyibodi nawonso ali ndi msampha. Malaputopu ambiri alibe, ndipo pa Windows, Num Lock ikayaka, kudina Shift kumasintha ntchito ya manambalawo.

Njira yodalirika ndi kutembenuza kasanjidwe konse ngati pagalasi loyang'anira. O amakhala wopitira kutsogolo, L wobwerera m'mbuyo, K wopitira kumanzere, ndipo batani la ; limapititsa kumanja. Chala chamkombaphala chimakhala pa K, chapakati chimasinthana O ndi L, chachikulu chimadumphabe ndi Space. Kachala kakumapeto kamagwera pa Shift yakumanja, yoyendera monyang'ama kuti adani asamve mapazi. Apa m'pamene njirayi imaposera ya I, J, K ndi L imene ambiri amayamba nayo, chifukwa kumeneko Shift imatalikira ndipo dzanja limachita kutambasuka.

Mphamvu zija zimatsatira galasi lomwelo. Ya pa Q imapita pa P, ya pa E pa I, ya pa C pa koma, ndipo yaikulu ya pa X pa batani la mpumiro. Kulonga zipolopolo kumachoka pa R kupita pa U, ndipo zida za pa 1, 2 ndi 3 zimasamukira pa 0, 9 ndi 8. Chofunika kusamala ndi Enter, amene ali pafupi ndi kachala kaja. Akadinika mwangozi amatsegula polembera uthenga, msilikali n'kungoima njo pakati pa nkhondo.

Makiyibodi ena otchipa salandira mabatani atatu odinidwa pamodzi m'mbali zina. Wosewera alowe m'bwalo loyeserera la Range, adine O, K ndi P nthawi imodzi. Mphamvu ikapanda kutuluka, vuto si chala koma kiyibodi, ndipo mphamvuyo aisamutsire pa batani la m'mbali mwa mausi.