Ramu: Zimene Mtundu wa M'botolo Suuza Wogula

Pa shelefu ya mowa m'sitolo yaikulu, mabotolo a ramu amaoneka ngati afoledwa kuyambira wamng'ono kufika wamkulu: woyera mbee, wachikasu, wofiirira, kenako wakuda bii. Wogula amaganiza kuti woyerayo ndi wa dzulodzulo ndipo wakudayo wakhala zaka zambiri akukhwima. Nthawi zambiri sizili choncho. Ramu yense, kaya ndi wa ku Jamaica kaya wa ku Cuba, amatuluka m'chotchezera ali woyera ngati madzi. Mtundu umabwera pambuyo pake, ndipo umabwera m'njira ziwiri zosiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndi mgolo. Ramu amathiridwa m'migolo ya matabwa a oki, yambiri mwa iyo yomwe inasungapo kale wisiki wa ku America, ndipo m'kati mwake ndi mowauka ndi moto. Mowa umalowa m'thabwa n'kutulukamo ndi mtundu komanso kafungo ka vanila. Kumayiko otentha a ku Caribbean zimenezi zimachitika msanga, koma pamtengo wake: mgolo umataya pafupifupi 6 mpaka 8 peresenti ya mowa chaka chilichonse chifukwa chouluka, pamene ku Scotland wisiki amataya pafupifupi 2 peresenti. Njira yachiwiri ndi yachidule. Wopanga amathiramo karamelo, yemwe ndi shuga wopsereza, ndipo ramu wa chaka chimodzi amada kuposa wa zaka 12. Malamulo a mayiko ambiri amalola zimenezi. Ramu wakuda kwenikweni, uja ophika amathira m'makeke, kawirikawiri kuda kwake n'kwa karamelo kapena molasesi wothiridwa pomaliza.

Woyera nayenso amasocheretsa. Ku Santiago de Cuba, Facundo Bacardí anayambitsa kampani yake mu 1862, ndipo anatchuka posefa ramu ndi makala kuti akhale wopepuka. Mpaka lero opanga ambiri a ku Cuba ndi ku Puerto Rico amasunga ramu m'migolo kwa chaka kapena kuposerapo, kenako n'kumusefa ndi makala kuti mtundu uchoke. Botolo la Havana Club lolembedwa zaka 3 limangooneka lotuwirako pang'ono, koma mowawo wagona m'thabwa zaka zitatu zathunthu.

Ngati mtundu sutiuza zoona, funso lothandiza ndi lakuti: mowawu unachokera ku chiyani? Apa pali mabanja awiri.

Banja lalikulu ndi la molasesi. Pafakitale ya shuga, madzi a nzimbe amawiritsidwa mpaka shuga atagwirana timibulu. Zotsalira zakuda, zolimba ndi zonanda ndiye molasesi. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga amene wakana kugwirana. Anthu a ku Nchalo ndi ku Dwangwa amamudziwa bwino, chifukwa ku Malawi ndi amene amapangira ethanolo wosakaniza ndi petulo. Ku Barbados, m'zaka za m'ma 1600, m'minda ya nzimbe momwe munkagwira ntchito akapolo otengedwa ku Africa, zotsalirazi zinkathiridwa madzi, kusasitsidwa, n'kutchezedwa. Ubwino wa molasesi kwa wopanga ndi wakuti sawonongeka msanga. Amasungika m'matanki miyezi yambiri, amakwera sitima, moti fakitale ingathe kupanga ramu chaka chonse ngakhale ilibe munda wa nzimbe. Popeza anapsa kale pamoto, ramu wake amakonda kununkhira ngati tofi, shuga wabulauni kapena zipatso zouma.

Banja laling'ono ndi la madzi a nzimbe osaphika, ndipo mudzi wake waukulu ndi Martinique, chilumba cha dziko la France. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mitengo ya shuga wa nzimbe inagwa, makamaka chifukwa cha shuga wa bitiruti amene ankalimidwa ku Ulaya. Eni minda ambiri anasiya kupanga shuga n'kumatcheza madzi a nzimbe mwachindunji. Pa botolo lotere mudzawerenga mawu akuti rhum agricole. Ntchito yake ndi ya liwiro: nzimbe ikadulidwa imayamba kusasa yokha, choncho imafinyidwa msanga, madzi ake n'kuthiridwa yisiti kwa masiku ochepa chabe. Fakitale imagwira ntchito m'nyengo yodula nzimbe yokha, m'miyezi yoyambirira ya chaka. Kuyambira 1996 ramu wa ku Martinique ali ndi malamulo akeake okhwima: amatchezedwa mpaka mphamvu ya pakati pa 65 ndi 75 peresenti, ndipo sangalembedwe vieux, kutanthauza wakale, asanathe zaka 3 m'mgolo. Malire a mphamvuwo ali ndi chifukwa. Mowa ukatchezedwa kufika m'ma 90 peresenti, fungo la nzimbe limatsalira m'mbuyo. Pa 70 limadutsa nawo, ndipo mukanunkhiza woyera wake mumamva msipu wongodulidwa kumene ndi nzimbe yaiwisi. Ena amadabwa nalo poyamba. Ine ndimaona kuti palibe ramu wina amene amanena poyera chotere za munda umene anachokera. Ku Brazil, cachaça nayenso ndi wa madzi a nzimbe, ngakhale eni ake salola kuti azitchedwa ramu.

Komabe molasesi yekha satanthauza kukoma kumodzi. Tiyerekeze kuti patebulo pali matambula awiri, onse oyera, onse a molasesi. Loyamba muli Bacardí woyera: anasasa mofulumira, anatchezedwa m'nsanja zazitali zachitsulo zomwe zimachotsa fungo lambiri, anasefedwa ndi makala. Ndi wofatsa, amabisala m'madzi a mandimu. Lachiwiri muli Wray & Nephew wa ku Jamaica, wa mphamvu ya 63 peresenti. Ku Jamaica amakonda kusasitsa nthawi yaitali, mafakitale ena mpaka masabata, ndipo ena amabwezeramo zotsalira za m'mphika wapitawo. Asidi amene amapangika amagwirana ndi mowa n'kubala fungo la nthochi yakupsa kwambiri ndi chinanazi. Mbali ina ya mowawo imatchezedwa m'miphika yamkuwa, mphika umodzi panthawi, monga amachitira otcheza kachasu, ndipo mphika umasunga fungo limene nsanja imataya. Maso sangasiyanitse matambula awiriwa, koma mphuno imasiyanitsa musanalawe n'komwe. Wa 63 peresentiyo si womwa wosasungunula. Tambula imodzi ikuposa imodzi ndi theka ya ramu wamba wa 40.

Za ramu wa zokometsera palibe zambiri zobisika. Amatenga ramu wamng'ono wopepuka, n'kuthiramo vanila, sinamoni, jinja kapena kilovu, shuga ndi karamelo. Chimene mumamva ndi zothirazo. Ku Ulaya malamulo amati chakumwa chotchedwa ramu chisachepere 37.5 peresenti, chisathiridwe zonunkhiritsa, ndipo shuga wotsekemeretsa asapitirire magalamu 20 pa lita. N'chifukwa chake Captain Morgan wa zokometsera, yemwe kumeneko amagulitsidwa pa 35 peresenti, amalembedwa spirit drink.

Nkhani ya shugayi imakhudzanso mabotolo odula. Shuga sauluka ndi nthunzi, choncho mowa wotuluka m'chotchezera ulibe shuga, ngakhale unachokera ku nzimbe. Ramu wotsekemera ngati uchi anathiridwa shuga pambuyo. Mungathe kuyesa nokha: dontheza pang'ono m'dzanja, pakani, dikirani kuti muume. M'dzanja mukamata, shuga alimo wambiri. Nambala yaikulu pa botolo nayonso muiwerenge mosamala. Ku Jamaica ndi ku Barbados, zaka zolembedwa ndi za ramu wamng'ono kwambiri mu msakanizowo. Mabotolo ena, makamaka olembedwa solera, amasonyeza zaka za wamkulu kwambiri, amene mwina ndi gawo lochepa chabe la zomwe zili m'botolomo.