Kuzindikira Nsonga, Dzenje ndi Mpata pa Masamu

Taganizirani lamulo la masamu f(x, y) lopereka kutalika kwa nthaka pamalo alionse. Pamene nthaka yafika poti sikupendekera mbali iliyonse, malowo angakhale nsonga ya phiri, pansi pa dzenje, kapena mpata wapakati pa mapiri awiri.

Pofuna kuwasiyanitsa, amapanga matiriki ya Hesse, bokosi la manambala anayi osonyeza momwe kupendekerako kukusinthira. M'bokosimo amatulutsamo manambala awiri otchedwa ma-aigenivaliyu, omwe amaonetsa kupindika kwa nthaka. Onse akaposa ziro, malowo ndi dzenje. Onse akachepera ziro, ndi nsonga. Akasiyana zizindikiro, ndi mpata.

Mwachitsanzo, f = x² + 4xy + y² sipendekera pa (0, 0). Mzere woyamba wa matiriki yake ndi 2, 4, wachiwiri 4, 2. Kuthetsa (2 − λ)² − 16 = 0 kumapereka 6 ndi −2. Choncho apa ndi pampata: nthaka imakwera motsata y = x koma imatsika motsata y = −x.

Nambala imodzi ikakhala ziro, inayo isali, kapena onse akakhala ziro, njirayi sigamula kanthu, ndipo lamulolo liyenera kuunikidwa mwa njira ina.