Zimene munthu amafuna pa ntchito zimasintha ndi msinkhu

Tsiku lina titatuluka mu Misa, mayi wina wa m'bungwe lathu anandikokera pambali. "Anamwino, kandilankhulireni mwana wanga. Akufuna kusiya ntchito ya boma kuti akalowe ya bungwe, ya zaka ziwiri zokha. Mutu wake ukuyenda bwino ameneyu?" Patapita milungu ingapo, mayi winanso anadandaula kuti mwana wake wakana udindo woyang'anira wodi, pamene anzake amaulimbirana.

Ana awiriwa mitu yawo ili bwinobwino. Pa zaka zimene ndaphunzitsa anamwino ndi azamba, ndaona kuti munthu amafuna zinthu zitatu pa ntchito. Choyamba ndi chitetezo, kutanthauza malipiro odalirika mwezi ndi mwezi komanso penshoni. Chachiwiri ndi ufulu, kutanthauza kukhala ndi mphamvu pa nthawi yako ndi malo okhala. Chachitatu ndi ulemu, womwe umabwera ndi udindo, maphunziro ndi dzina. Ntchito yopereka zitatu zonsezi mokwanira ndi yosowa, choncho munthu amaika chimodzi patsogolo. Chimene chili patsogolo ali ndi zaka 23 si chimene chimakhala patsogolo ali ndi zaka 45.

Katswiri wina wa ku America, Donald Super, anafotokoza m'zaka za m'ma 1950 kuti moyo wa pa ntchito uli ndi magawo: nthawi yofufuza, yokhazikika, yosunga zimene wapeza, ndi yokonzekera kupuma. Kwathu kuno magawo amenewa sayendera zaka zokha. Amayendera kwambiri mafunso awiri: ndani akudalira malipiro ako, ndipo thupi lako lingapirire zotani? Kuti zimveke bwino, titsatire mtsikana mmodzi amene ndinamuphunzitsa nditangoyamba kumene uphunzitsi. Dzina lake sinditchula.

Chitetezo poyamba

Anamaliza maphunziro a zaka zitatu pa sukulu ya mpingo, nakhoza mayeso a bungwe loona za anamwino ndi azamba, amene amapatsa munthu layisensi yogwirira ntchito. Anali ndi zaka 23. Anthu ambiri amaganiza kuti wachinyamata amafuna ufulu kuposa china chilichonse, koma kwa iye sizinali choncho. Fizi yake inachokera ku fodya wa bambo ake ndi mbuzi za amalume ake, ndipo m'mbuyo mwake munali ang'ono ake atatu. Atamutumiza ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, kopanda magetsi, sanawiringule. Chimene ankafuna chinali kuona dzina lake pa mndandanda wa olandira malipiro.

Pa msinkhu umenewu thupi limalola zambiri. Ankagwira naiti sabata yathunthu, kuchiritsa amayi ndi kuwala kwa tochi, n'kutenganso malokamu pa masiku ake opuma. Ufulu anaugulitsa motchipa chifukwa panalibe mwana womulirira kunyumba. Apa mayi ndi mwana sakangana, pakuti onse akuyang'ana kumodzi.

Ufulu ukayamba kukoma

Atafika zaka 31 anali pa banja, ali ndi ana awiri. Mwamuna wake ankagwira ntchito m'tauni, mtunda wa maola atatu pa minibasi. Anapempha kuti amusamutse koma yankho linachedwa. Ndipamene anaona ntchito ya bungwe lina lothandizidwa ndi ndalama zakunja: ya m'tauni, yopanda naiti, yoweruka Lachisanu, malipiro okwera, koma ya kontirakiti ya zaka ziwiri.

Mayi ake anamuuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iwo ankaona chitetezo chimene ankataya, pamene iye ankaona ana ake akukula ndi wantchito. Onse awiri anali ndi mfundo. Chimene chimathetsa mkangano wotere si kukweza mawu koma kuwerengera, ndipo nayi njira yake. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza, inu muikepo zenizeni.

Tinene kuti ntchito yokhazikika ikupereka K400,000 pa mwezi, ndipo ya kontirakiti ikupereka K700,000. Pa miyezi 24, ya kontirakiti ibweretsa K16,800,000. Koma funso lenileni ndi lakuti, kontirakiti ikatha, adzakhala miyezi ingati asanapeze ina? Akakhala chaka chathunthu, ndiye kuti K16,800,000 ija yagwira miyezi 36. Pa miyezi 36 yomweyo, wa ntchito yokhazikika walandira K14,400,000. Wa kontirakiti akadali patsogolo, koma ndi K2,400,000 yokha, osati monga zinkaonekera poyamba. Akakhala miyezi 18 osagwira ntchito, awiriwa afanana ndendende, ndipo kupitirira apo wa kontirakiti wayamba kuluza. Kuwerengera kumeneku kumagwira ngati ndalama yapamwambayo ikusungidwa. Ngati yonse ikuthera m'nyumba ya lendi yodula ndi ngongole ya galimoto, mavuto amayamba mwezi woyamba kontirakiti itatha.

Musaiwale penshoni. Lamulo la dziko lino limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ku thumba la penshoni, wantchito naye 5 peresenti. Mwezi uliwonse umene munthu ali pakhomo, palibe chimene chikulowa m'thumbamo. Ndipo kuopsa kwa kontirakiti si nthano. Mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, anthu ambiri ogwira ntchito za umoyo m'mabungwe kuno anauzidwa mwadzidzidzi kuti akhale kaye kunyumba.

Mtsikana wathuyu anapita ku bungwe kuja, ndipo anachita zinthu ziwiri zanzeru. Ankasunga gawo la malipiro mpaka linakwana ndalama yodyera miyezi isanu ndi umodzi. Komanso sanalole layisensi yake kufa: ankaikonzetsa chaka ndi chaka ndi kuchita maphunziro afupiafupi amene amafunika kuti ikonzedwe. Kontirakiti yachiwiri itatha, layisensi yamoyoyo ndi imene inamulowetsa pa chipatala cha mishoni.

Ulemu ukayamba kuwawa

Ali ndi zaka pafupifupi 40, anabwera kudzandiona ali wokhumudwa. Malipiro sanali vuto lalikulu, ndipo ana anali atasinkhuka. Chimene chinkamupweteka chinali chakuti mtsikana wa digiri, amene iye anamuphunzitsa kuika diripi ndi kumva kugunda kwa mtima wa mwana m'mimba, ndiye anaikidwa kukhala womuyang'anira. Anandifunsa kuti, "Amayi, kodi ndi nsanje imeneyi?"

Ndinamuyankha kuti si nsanje ayi. Munthu akadziwa ntchito yake bwino, amayamba kufuna kuti mawu ake azimveka pokonza zinthu. Mu unamwino, makwerero a maudindo amatsata pepala. Amene anaphunzira zaka zitatu amafika pena pake n'kuima, pokhapokha atabwerera ku sukulu kuti akhale namwino wa digiri. Ulemu umenewu uli ndi mtengo wake: zaka ziwiri kapena kuposerapo ali pa sukulu, malokamu ataima, fizi yake ikulimbana ndi fizi ya ana a ku sekondale. Ndipo ngati olemba ntchito amulipirira, kawirikawiri amasainitsa pangano loti adzawagwirire zaka zingapo akamaliza. Apa munthu amagula ulemu polipira ndi ufulu.

Nthawi imawerengedwanso. Wobwerera ku sukulu ali ndi zaka 38 adzadyerera pepalalo zaka pafupifupi 20 asanapume, poti m'boma anthu amapuma ali ndi zaka 60. Wobwerera ali ndi zaka 52 adzalidyerera zaka zochepa kwambiri. Iye anapita ali ndi zaka 41, ndipo lero akuyang'anira wodi ya amayi oyembekezera.

Koma si onse amafuna udindo pa msinkhu umenewu. Mwana wa mayi wachiwiri uja anakana uinchaji chifukwa ali ndi mwana wodwaladwala, ndipo inchaji amaimbiridwa foni ngakhale pakati pa usiku. Kwa iye ufulu ukadali patsogolo, ndipo sanalakwe.

Chitetezo chimabweranso

Gawo lomaliza ndikuliona pa ine ndi anzanga a msinkhu wanga. Tikadutsa zaka 50, udindo suwalanso monga kale. Nthawi yosiya kusamba imasokoneza tulo, ndipo naiti imodzi imafuna masiku awiri kuti thupi libwerere. Msana ndi mawondo zimakumbutsa odwala onse amene tinanyamula. Chitetezo chimabwerera patsogolo, koma chavala nkhope ina. Funso silikhalanso lakuti kodi ndilandira mwezi uno, koma lakuti nyumba ndamaliza kodi, penshoni yanga ili bwanji, ndipo ndikadwala ndidzadalira chiyani. Ambiri amapempha kuchoka ku wodi ya naiti kupita ku sikelo kapena kophunzitsa, ngakhale ndalama zapadera zichepe.

Cholakwika chachikulu pa msinkhu uwu ndi kusiya ntchito mwaukali kutatsala zaka zochepa kuti munthu apume, osafunsa kaye kuti penshoni ikhudzidwa bwanji. China ndi kudikira chaka chomaliza kuti ayambe kufufuza mapepala ake. Kalata yolembedwera ntchito, makalata okwezedwera ndi tsiku lobadwa ziyenera kugwirizana, ndipo zolakwika zimakonzeka msanga munthu akadali pa ntchito.

Kusintha kwenikweni kapena kutopa chabe?

Si nthawi zonse pamene munthu akuti "ndatopa nayo ntchito" pamene zofuna zake zasinthadi. Pali njira yosiyanitsira. Kutopa kumachepa munthu akapita ku tchuthi kapena akasinthidwa wodi, ndipo kawirikawiri kumaloza munthu mmodzi, monga bwana wovuta. Kusintha kwenikweni kumakhalapobe tchuthi chitatha, kumatha miyezi yambiri, ndipo kumatsatira chinthu chachikulu m'moyo: kubadwa kwa mwana, imfa ya mwamuna, matenda, kapena mwana womaliza kutsiriza sukulu. Wotopa amangonena chimene akuthawa. Amene wasinthadi amatha kunena chimene akufuna ndi chimene walolera kutaya.

Choncho mwana wanu, mpongozi wanu kapena mnzanu wa kumphakati akabwera ndi nkhani yosintha ntchito, musafulumire kumuyeza ndi msinkhu wanu. Mufunseni kuti pa zitatu zija akufuna chiti lero, akulipira ndi chiti, ndipo ngati zitavuta, khomo lobwererera likhala lotsekula kodi. Mayi woyamba uja ndinamupempha kuti abwere ndi mwana wake, atenge kalata ya kontirakiti, pepala la malipiro a mwezi watha ndi cholembera. Tinakhala pakhonde la tchalitchi n'kuwerengera limodzi. Mwanayo anapeza kuti angapirire miyezi 10 yokha osagwira ntchito, ndipo anavomera kuti asasaine kanthu asanafunse olemba ntchito ake ngati angamupatse tchuthi chosalipidwa. Mayi ake nawo anamva koyamba kuti mdzukulu wawo wakhala akugona kwa aneba sabata iliyonse ya naiti.